Kalata Yofunsira Ntchito Yobwereka: Kuikonza Mpaka Ikhale Yanuyanu

Pa malo ambiri otayipira ndi kupulinta mapepala, kaya ku Limbe, ku Mzuzu kapena pa boma la Mchinji, pa kompyuta pamakhala fayilo ina yosachoka. Ndi kalata yofunsira ntchito imene wina analemba kalekale. Munthu akafika nyuzipepala ili m'manja, wotayipa amangotsegula fayilo ija, kufufuta dzina la amene anabwera dzulo, kuikapo la wabwerayu, kusintha tsiku ndi adiresi, basi kalata yatheka. Ena amailandira pa WhatsApp kuchokera kwa msuweni amene ntchito anaipeza, poganiza kuti poti inamuyendera iyeyo, iwonso iwayendera. Enanso amaitenga pa intaneti.

Kubwerekako pakokha ine sindikuona vuto. Kalata yofunsira ntchito ili ndi mwambo wake, womwe uja tinaphunzira ku sekondale: adiresi yanu, tsiku, adiresi ya olemba ntchito, malonje, mutu wa kalata, ndime zingapo, mawu otsanzika ndi siginecha. Munthu amene akulemba koyamba amapindula akaona mmene wina anayalira zinthu zimenezi, ndipo palibe amene adzamuwerengere mlandu poti adiresi yake yakhala pamene pamakhala ya wina aliyense. Vuto lili pakati pa kalata, m'ndime ziwiri kapena zitatu zimene zimayenera kunena kuti wolembayo ndani. Pamenepo ndi pamene anthu amasiya mawu a mwini kalata ali chikhalire.

Taganizirani amene akuwerenga. Amakhala ndi mulu wa maenvelopu kapena maimelo, pambali ataika chilengezo cha ntchito chimene anatulutsa mu The Nation kapena The Daily Times. Chimene akufunafuna m'kalata iliyonse ndi umboni wakuti munthuyu ali nazo zimene chilengezocho chatchula. Akakumana ndi chiganizo chimene wachiwerenga kale m'makalata ena asanu m'mawa womwewo, maso ake amangochidumpha. Sakwiya, koma sapezanso chifukwa choikira kalatayo kumbali ya oitanidwa. Ndipo poti zilengezo zambiri zimatsiriza ndi kunena kuti ayankhidwa okhawo amene asankhidwa, wofunsira uja samva konse chimene chinamugwetsa. Amangodikira, kenako nkulemba m'madzi, nkutumizanso kalata yomweyo kwina.

Pali mafunso awiri amene ndimafunsa chiganizo chilichonse cha pakati pa kalata. Kodi munthu wina angathe kusayina pansi pa chiganizochi osanama? Kodi chiganizochi chingatumizidwe kwa olemba ntchito ena osasintha kalikonse? Mayankho onse awiri akakhala akuti inde, chiganizocho si chanu. Chifufuteni, kapena chikumbeni mpaka mupeze chimene chili pansi pake.

Tiyerekeze ndi kalata imodzi

Tinene kuti kopaletivu ya alimi a soya ndi mtedza m'boma la Mchinji ikufuna kalaliki woyang'anira katundu m'nyumba yosungiramo zokolola. Chilengezo chikuti munthuyo akhale ndi MSCE yokhoza bwino masamu, adziwe kusunga mabuku a katundu wolowa ndi wotuluka, adziwe sikelo, adziwe Excel, akhale atagwirapo ntchito yofanana kwa zaka ziwiri, ndipo avomere kukhala kumudzi. Wofunsira wathu ndi mtsikana amene anathandiza amalume ake mu shopu ya feteleza ndi mbewu pa Kamwendo kwa nyengo ziwiri za ulimi, komanso ndi mlembi wa banki mkhonde ya kwawo. Kalata imene wabwereka ndi ya msuweni wake amene anafunsira ntchito yowerengera ndalama ku banki. Makalata otere kwathu kuno amalembedwa m'Chingerezi kawirikawiri, koma ziganizo zake ndaziika m'Chichewa kuti tione bwino chimene chikusintha.

Choyamba, kalata yobwereka ija aiike pambali. Asayambe ndi iyo ayi. Atenge chilengezo ndi cholembera, adule mzere pansi pa chilichonse chimene olemba ntchito apempha. Pa pepala lina alembe zinthu zisanu ndi chimodzi zija chotsitsa, ndipo pafupi ndi chilichonse alembe chimene iye ali nacho, m'mawu ake, ngakhale m'Chichewa. Masamu: anapeza mapointi 4. Mabuku a katundu: ankalemba buku la m'shopu tsiku ndi tsiku. Sikelo: ankapima mbewu ndi feteleza wogulitsa pang'onopang'ono. Excel: anaphunzira milungu ingapo, amatha kupanga tebulo ndi kuwonkhetsa, kupitirira apo ayi. Zaka ziwiri: nyengo ziwiri, koma popanda kalata yolembedwera ntchito. Kumudzi: nkwawo komweko.

Pepala limeneli ndiye kalata yeniyeni. Yobwereka ija ingomuthandiza kudziwa poika chilichonse.

Tsopano abwerere ku kalata ya msuweni. Imayamba chonchi: "Ndikulemba modzichepetsa kufunsira mwayi wa ntchito iliyonse imene ingapezeke m'kampani yanu yotchuka." Chiganizochi chikugwa pa mafunso onse awiri. Komanso chili ndi zolakwa ziwiri zoonekeratu: kopaletivu si kampani, ndipo iwo sanalengeze ntchito iliyonse, alengeza imodzi. Chiganizo choyamba chizinena ntchito yake ndi dzina lomwe lili pa chilengezo, kumene anachiona ndi tsiku lake, ndi nambala ya ntchitoyo ngati ilipo. Chachiwiri chiike patsogolo chinthu champhamvu kwambiri chimene ali nacho. Choncho alemba kuti akufunsira ntchito ya kalaliki woyang'anira katundu imene inalengezedwa m'nyuzipepala yakuti pa tsiku lakuti, kenako: "Kwa nyengo ziwiri ndakhala ndikusunga buku la katundu mu shopu ya zipangizo za ulimi pa Kamwendo, ndipo ndimakhala mtunda woyenda wapansi kuchokera ku nyumba yanu yosungiramo zokolola." Wowerenga wachonga kale zinthu ziwiri asanafike ndime yachiwiri.

Chiganizo chimene aliyense ali nacho

Ndime yachiwiri ya msuweni ili ndi chiganizo chimene ndikukhulupirira kuti nanunso munachilembapo: "Ndine munthu wolimbikira, wokhulupirika, wodziwa kugwira ntchito ndi anzanga, ndiponso wotha kugwira ntchito popanda wondiyang'anira." Mwina zonsezi nzoona kwa mtsikana wathuyu. Koma waulesi naye amalemba zomwezi, wakuba naye amalemba zomwezi, ndiye wowerenga alibe pogwira.

Njira yake ndi kutenga liwu limodzi nkulifunsa kuti: linali tsiku liti? Wokhulupirika, chabwino. Ndi tsiku liti limene kukhulupirikako kunaoneka ndi maso? Anthu ambiri akafunsidwa chonchi amayamba ndi kunena kuti palibe, ntchito yake inali wamba. Mukawapatsa mpata, nkhani imatuluka. Wathuyu akukumbukira Loweruka lina mu Disembala, feteleza akugulidwa kwambiri. Buku linkanena kuti m'chipinda muli matumba 120 a makilogalamu 50. Atawerenga mizere ya pa mapaleti anapeza 117. Anawerenganso, 117 yemweyo. Amalume anali atapita kukaoda katundu ku Lilongwe. Anakhala pansi ndi buku la malisiti, kufananitsa tsamba ndi tsamba ndi buku la katundu, mpaka anapeza kuti matumba atatu anatengedwa pa ngongole ndi mlimi wina Lachitatu, mnyamata wothandiza anangomupatsa osalemba paliponse. Kuyambira pamenepo anagula kope lapadera la ngongole, ndipo Loweruka lililonse asanatseke ankawerenga katundu yense nkufananitsa ndi buku.

Nkhani imeneyi ndi yake yekha. Msuweni wa ku banki sangaisayine. Koma ikalowa m'kalata mmene ndailembera pano, yatalika, ndipo ili ndi zambiri zimene wowerenga sakuzifuna: kumene anapita amalume, tsiku la sabata, mnyamata amene analakwitsa. Poidula asunge zinthu zitatu zokha, vuto lake, chimene iye anachita, ndi chimene chinasintha. Ikhala chonchi: "Buku litaonetsa matumba 120 a feteleza koma m'chipinda muli 117, ndinafufuza m'malisiti mpaka ndinapeza atatu amene anatuluka pa ngongole osalembedwa. Kuyambira pamenepo ndinayamba buku la ngongole ndi kuwerenga katundu sabata iliyonse, ndipo mpaka nyengo inatha buku ndi katundu zinkagwirizana."

Taonani kuti liwu lakuti wokhulupirika lachokamo, komabe amene wawerenga wafika yekha pa ganizo limenelo. Woyang'anira kopaletivu amadziwa bwino ululu wa matumba osowa, chifukwa ndiye amakayankha pamaso pa alimi pa msonkhano. Akaona ziganizo ziwirizi amaona munthu amene anaimapo m'chipinda cha katundu buku lili m'manja. Mbali yomaliza ija, yakuti buku ndi katundu zinkagwirizana, ailembe pokhapokha ngati ndi mmene zinalilidi. Ngati nthawi zina zinkasiyanabe, anene kuti kusiyana kukachitika ankakupeza sabata yomweyo. Zimenezonso nzamphamvu mokwanira.

Sikuti liwu lililonse la m'chiganizo chija lifunika nkhani yake. Kalata ndi tsamba limodzi. Nkhani imodzi yofotokozedwa bwino, ndi ina yaifupi yoikira kumbuyo, zakwana. Yachiwiri ikhoza kuchokera ku banki mkhonde: kuti ndiye amalemba masheya ndi ngongole za mamembala 25, ndipo pogawana ndalama kumapeto a chaka mabuku ake ndi amene amagwiritsidwa ntchito. Mawu otsala aja, ogwira ntchito ndi anzake ndi ena otero, angowasiya apite.

Manambala amathandiza chifukwa amaonetsa kukula kwa ntchito imene munthu anaigwira. Kusunga matumba 120 nkosiyana ndi kusunga matumba 5,000, ndipo olemba ntchito amafuna kudziwa kuti mukuchokera pati. Koma ikani manambala amene mukuwakumbukira bwino ndipo amene anali abwana anu angawavomere akaimbiridwa foni. Ndalama zimene shopu inkapeza pa tsiku, kapena dzina la mlimi wa ngongole uja, ndi zinsinsi za eni ake. Kalaliki amene amaulula za kumene achokera amaopsa kumene akupita.

Pamene muli operewera

Kalata yobwereka ili ndi khalidwe lina loipa: imalonjeza zonse. Ya msuweni ikuti iye amadziwa bwino kwambiri mapulogalamu onse a pa kompyuta, nkutchula anayi. Mtsikana wathu akasiya chiganizochi, wanama, ngakhale kuti sanachilembe ndiye. Pa intavyu akhoza kumukhazika pa kompyuta nkumuuza kuti apange tebulo la katundu wolowa ndi wotuluka, ndipo zonse zidzaonekera pomwepo. Ndi bwino anene chimene amatha: kuti amadziwa kulowetsa katundu mu Excel, kuwonkhetsa ndi kupeza wotsala, ndipo mabuku ambiri wakhala akuwasunga pamanja. Pa ntchito ya kumudzi kumene magetsi amavuta, luso la buku la pamanja si chinthu chochita nacho manyazi.

Za zaka ziwiri nazonso achite chimodzimodzi. Asalembe kuti anali manejala wa shopu. Asayambenso kupepesa kuti alibe luso lokwanira, chifukwa kumeneko nkudzichotsa yekha pa mndandanda. Anene miyezi yake, kuyambira wakuti mpaka wakuti, ndi zimene ankachita. Kaya zikukwana zaka ziwiri kapena ayi, aweruze ndi eni ntchito. Ndipo poti shopuyo ndi ya amalume ake, pa anthu omuikira umboni aikeponso ena amene si abale, monga wapampando wa banki mkhonde kapena amene anali ahedi ake, atawapempha kaye.

Ndime yachitatu, yonena chifukwa chimene mukufunira ntchito pamalo amenewo, ndi imene imavuta ambiri. Msuweni analemba kuti wakhala akulakalaka kugwira ntchito m'bungwe lotchuka ndi lolemekezeka ngati limeneli. Kuyamikira kotere kumakwana paliponse, ndiye sikugwira aliyense mtima. Chofunika ndi chinthu chimodzi choona chimene mukudziwa za ntchito ya pamalopo. Wathuyu makolo ake amagulitsa soya ku kopaletivu yomweyo. Anaimapo pa mzere wa pa sikelo mu Meyi, akudziwa kuti mkangano umabuka mlimi akakayikira kulemera kwa thumba lake, akudziwanso kuti mtedza wosauma bwino ukaunjikidwa pansi umachita chuku. Chiganizo chimodzi chotchula zimenezi, ndi mmene iye angathandizire kuti mlimi aziona sikelo ndi lisiti lake pomwepo, chikuposa ndime yathunthu yotamanda. Amene alibe ubale wotere ndi malowo afunse anthu amene amawadziwa, kapena awerenge zimene bungwelo limalemba za ntchito zake. Akapanda kupeza kanthu koona, ndime imeneyi ikhale yaifupi.

Apa ndichenjezeko, chifukwa ena akamva kuti kalata ikhale yaoyao amatsegula mtima wonse. Amalemba kuti ndi ana amasiye, kuti azing'ono awo akusowa fizi, kuti akugwada pansi. Mavuto amenewa ndi enieni ndipo ndimawamvera chisoni amene ali nawo. Koma amene akusankha kalaliki ali ndi funso limodzi, lakuti katundu adzasungika kapena ayi, ndipo m'mulu uja ambiri ali ndi mavuto omwewo. Za inu zimene zikufunika m'kalata ndi zokhudza manja anu ndi mutu wanu pa ntchito imeneyo.

Mawu ake akhale a pakamwa panu

Jekete la pa kaunjika, ngakhale telala atalidula manja, likakhala lalikulu m'mapewa limaonekabe kuti linasokedwera wina. Kalata nayonso imatero. Mfundo zikhoza kukhala zanu zonse, koma Chingerezi chake nkukhala cha munthu wina: mawu ataliatali, ziganizo za mizere inayi, kenako mwadzidzidzi chiganizo chanu chachifupi pakati pake. Wowerenga amamva msoko umenewo ngakhale sangauloze.

Mankhwala ake ndi kuwerenga kalata mokweza. Pamene lilime lapunthwa, kapena pamene pali liwu limene simungathe kulimasulira wina atakufunsani, sinthani. Ikani liwu limene mumalidziwa. Njira ina yothandiza ndi kuuza mnzanu m'Chichewa chimene ndimeyo ikufuna kunena, ngati mukucheza, kenako nkulemba zomwezo m'Chingerezi chosavuta. Kumbukirani kuti pa intavyu kalata yanu imakhala pa tebulo, ndipo mafunso ambiri amachokera mmenemo. Mtsikana wathu akafunsidwa za matumba atatu aja adzayankha momasuka, poti analipo. Akanafunsidwa za mawu a msuweni akanangoti kakasi.

Mukatha zonsezi, ikani kalata yobwereka ndi yanu pamodzi. Ngati pakati pa kalata patsala chiganizo chathunthu chofanana liwu ndi liwu, chifunseninso mafunso awiri aja.

Chotsala ndi kusesa mapazi a mwini kalata, ndipo apa ndi pamene anthu osamala amagwera. Mu Word dinani Ctrl+F, mufufuze dzina la msuweni, dzina la banki, dzina la ntchito yakale, ndi mawu monga kampani amene sakugwirizana ndi kumene mukulembera. Yang'anani pamwamba ndi pansi penipeni pa tsamba, pamene nambala ya foni ya mwini wake imakonda kubisala. Ngati Track Changes inali yoyatsa, zonse zimene mwafufuta zikadalipo ndipo wolandira akhoza kuziona, choncho zivomerezeni zonse nkuizimitsa. Pa File, kenako Info, mzere wa Author umasonyeza dzina la amene anayamba fayiloyo. Njira yachidule yothawira zonsezi ndi kutsegula fayilo yatsopano, kukoperamo mawu okhaokha posankha Keep Text Only, nkuisunga ngati PDF. Dzina la fayilo likhale lanu ndi la ntchitoyo, osati la msuweni. Makalata a pa intaneti ochokera ku Amereka ali ndi zawo: amayamba ndi mwezi polemba tsiku, moti 03/04 kwa iwo ndi 4 Malichi pamene kwa ife ndi 3 Epulo, ndipo pepala lawo ndi Letter pamene lathu ndi A4. Lembani dzina la mwezi lonse, ndipo sinthani pepala musanapulinte. Pomaliza fananitsani kalata ndi sivi yanu, kuti miyezi ndi zaka zisatsutsane.

Ngati mwatayipitsa pa kompyuta ya eni, pemphani kuti fayilo yanu ifufutidwe mutaitenga pa fulashi kapena pa foni. Kupanda kutero nkhani yanu ya matumba 117 idzapezeka m'kalata ya amene abwere mawa.

Mwezi wamawa mtsikana uja akhoza kuona chilengezo china, tinene cha kalaliki wa pa chipatala cha mishoni. Chiyeso chidzakhala kutumiza kalata ya ku kopaletivu atangosintha adiresi, poti ndi yake kale. Koma nayo tsopano yasanduka yobwereka, chifukwa inalembedwera anthu ena. Chimene asunge ndi pepala lija la zimene ali nazo, azilionjezera akakumbukira nkhani ina. Atenge chilengezo chatsopano, adulenso mizere. Nkhani ya matumba atatu ikhoza kutsala, poti chipatala nacho chimasunga katundu wowerengedwa. Sikelo, soya ndi chuku zichoke. Banki mkhonde, imene ku kopaletivu inali yachiwiri, ibwere patsogolo ngati chilengezo chikutchula kulandira ndalama ndi kulemba malisiti.